Ndime Yoyamba ya Nkhani ya Wakuba Mawu

Sukulu ndinalekera giredi seveni, koma ndime yoyamba ya nkhani yoopsa ndimadziwa kuilemba, ndipo amene angatsutse abwere tikhale pansi. Ndinaiphunzirira mu saluni m'tauni, mwana ali kumbuyo, chaka chimene mwanayo anayamba kuiwala mawu.

Timakhala ku Makululu, komboni ya pafupi ndi mgodi wakale. Agogo athu aamuna anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito mu mgodi, mgodiwo unatsekedwa ine ndisanabadwe, koma phiri lakuda la zotsalira zake lilipobe, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikayamba limatipeza m'nyumba. Fumbi lake limakhala pawindo, pabuledi, m'makutu. Ife tinakula tikulipukuta ndi dzanja basi. Mwana wanga ali ndi zaka ziwiri ankalankhula bwino, amama, madzi, galu, basi ikadutsa ankaikuwira. Kenako anayamba kukana chakudya, kulira za m'mimba, kukwiya popanda chifukwa, ndipo mawu aja anayamba kusowa. Ku kiliniki anamubaya chala, ndipo nesi anandiuza kuti m'magazi mwake muli mtovu wambiri, uja kuno timati ledi, wochokera m'fumbi ndi m'dothi. Mwanayo anayamba kulandira mankhwala. Nesi anandiuzanso kuti ndiziwaza madzi ndisanasese, ndizikolopa, ndizimusambitsa m'manja asanadye, asamaseweretse dothi. Kuyambira tsiku limenelo maso anga sachoka pa manja a ana. Ndikakwera basi sindiona nkhope za anthu, ndimaona zala za mwana amene wanyamulidwa, kuti zachoka kuti ndipo zikupita kukamwa kapena ayi.

Zala zimene zinkandisowetsa mtendere kwambiri zinali za mwana wa asisi anga. Asisi ndi aakulu kwa ine, amakhala nyumba zingapo kuchokera pathu, amagulitsa tomato ndi vitumbuwa pamsewu. Pabwalo pawo pankadikha madzi nthawi ya mvula, ndiye alamu anatuta dothi lakuda la kuphiri lija ndi wilibala n'kudzazapo, pabwalo n'kukhala posalala, anthu n'kumayamikira. Kamtsikana kawo kanali katangoyamba kukwawa. Kankakwawa pomwepo, n'kukhala pansi, n'kutola kadothi, n'kuika m'kamwa ine ndikuona.

Ndinawauza. Ndinawauza mwaulemu, ndinawauza ndikulira, ndinawauzanso kudzera kwa amayi athu.

"Iwe, tonse tinakulira m'fumbi lomweli," anatero asisi akupanga milu ya tomato. "Tinafa? Wako uja pali amene anamuchita, ukukana chabe. Usandiphunzitse kulera, matewera ako ndinachapa ndine."

Kamwanako sankafuna kukapimitsa. Mawu a nesi sankawafuna, a ine ndiye ayi ndithu. Koma panali chinthu chimodzi chimene asisi ankachimvera mpaka kumapeto. Pa foni pali tsamba la nkhani zoopsa za m'Chinyanja, anthu amatumiza nkhani zawo popanda maina, za njoka za m'masitolo, za akazi a pamlatho. Asisi masana makasitomala akachepa ankawerenga, kukamwa kuli yasa, ntchentche zikutera pa vitumbuwa iwo osaona. Ndinati chabwino. Ngati khutu lawo lili kumeneko, ndikawapeza komweko.

Ndinalemba nkhani yanga ndi chala chimodzi pa foni, mwana akugona. Mwini tsambalo ndinamva kuti ndi mayi wina woluka tsitsi pafupi ndi msika, mkazi wa woyang'anira akaidi ku ndende ya Mukobeko, ndipo nkhani saika asanaione. Kutumiza chabe ndinaopa kuti isowa pakati pa zina. Ndinabereka mwana, n'kukwera basi.

Saluni yake inali kachipinda kamodzi, galasi lalikulu, benchi, fungo la mafuta ndi tsitsi lopsa. Anali mayi wamkulu thupi, chipeso atachibaya m'tsitsi lake lomwe, akuluka mtsikana wina amene anakhala pansi pakati pa miyendo yake. Pabenchi panali amayi awiri akudikira, wina wachikulire wovala chitenje cha tchalitchi, wina wonenepa akudya chinangwa chootcha. Ndinapereka moni, ndinagwada pang'ono, n'kunena chimene ndabwerera.

"Bweretsa," anatero. "Koma udziwe mmene timachitira pano. Ndiwerenga mokweza mpaka pamene foni imadulira nkhani, pamene pamabwera timawu toti udine kuti uone zotsala. Ndikafika pamenepo ndisiya. Wina mwa awa akati 'ndiye?' nkhani yako ilowa. Akakhala chete, ubwerere nayo."

Anapukuta manja, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a pa guwa.

"Moni nonse amayi ndi abambo, achinyamata ndi onse owerenga tsamba lino. Poyamba ndithokoze Mulungu amene watisunga, ndithokozenso eni tsamba pondipatsa mpata. Ine ndine mayi wa mwana mmodzi, wosaphunzira kwenikweni, choncho mundikhululukire pamene ndalakwitsa."

Anaika foni chafufumimba pa ntchafu, n'kupitiriza kuluka. Mayi wa chinangwa ankangotafuna. Kenako wachikulire uja anati, "Amen," ndipo onse anafa nacho chiseko, ngakhale mtsikana wolukidwa uja, mutu uli chopendekeka.

"Mwana wanga, uku ndi ku mphakati wa tchalitchi?" anafunsa mayi wa saluni. "Kapena watumidwa kukapereka malonje pa maliro?"

Koma sindinabwerere chabe. Ndinati kwathu munthu sayamba kulankhula pagulu asanapereke moni, ndi mwano, amayi anga atamva angandikane.

"Mlendo amafika ndi malonje," anatero. "Chinthu choopsa sichigogoda. Taona apa." Anandionetsa foni yake, nkhani za ena zitandandalikana, iliyonse ikuoneka mizere yochepa chabe, yotsalayo yobisika. "Malo ako ndi awa okha. Munthu ali pa basi, chala chikuthamanga, bando ya intaneti ikutha. Iwe malo onsewa wadyetsa moni. Moni ukawapatse pansi akamaliza kuwerenga, sathawa. Khala apo, konza."

Ndinakhala kumapeto kwa benchi, mwana ndinamutsitsa n'kumukhazika pamiyendo panga, pansi ayi, pansi panali tsitsi ndi fumbi la msika. Ndinafufuta moni yense, mtima ukundiwawa ngati ndadutsa apongozi osawalonjera. Ndinati ndingonena zoona zake mwachindunji. Ndinamupatsanso.

"Amayi anzanga, chenjerani ndi fumbi la mtovu. Ndi loopsa kwambiri. Linadwalitsa mwana wanga mpaka anasiya kulankhula, ndipo nkhani yomvetsa chisoniyi ndikufuna ndikuuzeni."

Foni chafufumimba.

"Izo tinamva kale ku sikelo," anatero wa chinangwa. "Pepa mwandi, koma tinamva."

"Wamva?" anatero mayi wa saluni. "Watiuza zigoli mpira usanayambe. Wakuba ndi fumbi, wobedwa ndi mwana, mlandu watha. Ndidinirenji? Ndipo mawu awa akuti 'loopsa kwambiri' uwachotse. Ukandiuza kuti ndiope, sindiopa. Undionetse chinthu, mantha ndibweretsa ndekha."

Apa ndinapsa mtima pang'ono. Ndinati mumtima, mukufuna zoopsa eti, dikirani. Nkhani za patsambalo ndinali nditawerengako, ndinkadziwa zimene zimakhalamo. Ndinalemba mofulumira za munthu wopanda mutu wotsika paphiri lakuda atanyamula thumba lodontha magazi, akuyenda molunjika kunyumba kwanga.

Atawerenga n'kusiya, mtsikana wolukidwa uja anati, "Iyee! Ndiye?"

Ndinaimirira ndi chimwemwe. Koma mayi wa saluni sanaseke. Anatembenuza foni, n'kutsitsa nkhani yanga ndi chala mpaka pansi, akuwerenga chamumtima, n'kukweranso.

"Wopanda mutuyu ali kuti? Kuno kumunsi sindikumuona."

Ndinati kulibe, ndangomuika kuti anthu alowe.

"Ndiye wanama. Ndime yoyamba ndi lonjezo. Funso limene wadzutsa pamwamba, nkhani iyenera kuliyankha pansi. Ukawalonjeza wopanda mutu n'kuwapatsa nesi, afika pakati, atukwana, atuluka, ndipo atukwananso ine. Amene ukufuna kuti awerengeyo ndani? Chifukwa pali munthu, ndakuona."

Ndinawauza za asisi, za wilibala, za kamtsikana kokwawa. Mayi wachikulire anayang'ana mwana wanga, amene ankaseweretsa chivindikiro cha botolo osatulutsa liwu lililonse.

"Asisi akowo akangoona kuti wawanyenga, sadzakumveranso mpaka kalekale," anatero mayi wa saluni, tsopano motsitsa mawu. "Siya za phiri. Tandiuza, iweyo unayamba kuopa liti? Za ku kiliniki usandiuze. Tsiku loyamba."

Sindinaganize n'komwe, zinangotuluka. Ndinati unali m'mawa, ndikutsuka mbale, mwana anabwera n'kuloza kapu yake yachikasu. Masiku onse ankati "madzi." Tsiku limenelo anatsegula pakamwa, anandiyang'ana, milomo inayenda, koma liwulo munalibe. Anayang'ana kapu ngati akuifunsa. Anayesanso. Kenako anangolira. Patapita masiku galu wa aneba anadutsa, iye anamuloza, ndipo "galu" namonso munalibe. Ndinayamba kugona ndikuwerenga mumtima mawu amene atsala, ndikudziwa kuti lina mwa iwo ndi "amama."

Nditasiya ndinaona kuti manja a mayi wa saluni aima m'tsitsi la mtsikana uja. Wa chinangwa anali atasiya kutafuna.

"Ndiye?" anatero wachikulire, mwakachetechete.

"Ndi imeneyo," anatero mayi wa saluni. "Unali nayo m'kamwa nthawi yonseyi. Kapu, mwana, m'mawa, zinthu za m'nyumba ya aliyense, ndipo chimodzi chokha chalakwika. Lemba mmene wanenera. Dzina la wakubayo usalitchule. Ndipo usalembe funso, zija za 'kodi chinachitika n'chiyani?' Funso libadwe m'mutu mwa wowerenga, likhale lake. Funso la mwini munthu salisiya panjira."

Ndinalemba. Sizinatheke kamodzi. Poyamba ndinaika zambiri, kuti sanadwale malungo, kuti sanagwe pabedi, kuti tinapita kwa abusa, ndipo mayi wa saluni atayeza ndi nkhani zina za patsamba anapeza kuti mzere wanga womaliza, umene unali ndi mphamvu yonse, ukugwera kunsi kwa podulira, kumene munthu sauona asanadine. Anati mzere umenewo ndiwo mbedza, ukabisika nsomba idya nyambo n'kupita. Tinadula za abusa. Tinadula "tsiku lina m'mawa kutacha bwino" n'kusiya "m'mawa." Ine ndinkafuna kusunga mawu akuti "mwana wanga wokondedwa," iye anati aliyense akudziwa kuti umamukonda, chotsa. Pamenepo tinakangana ndithu, ndipo ndinagonja. Koma pa kapu ndinapambana ine. Iye ankati mtundu wake ulibe ntchito, ine ndinati ikhale yachikasu, ndikudziwa chifukwa chake. Ndime inatsala motere, ndipo mpaka lero ndimainena osayang'ana:

"M'mawa mwana wanga analoza kapu yake yachikasu, natsegula pakamwa kuti anene 'madzi,' koma liwulo munalibe. Sabata yotsatira munasowa 'galu.' Wina ankalowa m'nyumba mwathu n'kumamuchotsa mawu limodzilimodzi, chitseko chili chokhoma. Nditamudziwa wakubayo ndinapeza kuti tsiku lililonse ndinkamudzutsa ndine, ndi manja angawa."

Panthawiyi n'kuti mutalowa kasitomala watsopano, mtsikana wa yunifolomu ya kubanki, amene sanamve chilichonse cha poyamba. Mayi wa saluni anamuwerengera iyeyo, n'kuika foni chafufumimba, n'kutola chipeso.

"Aa, amayi, musatero," anatero wa kubanki. "Ndani? Ndi mwamuna wake? Ndi wantchito? Malizani!"

"Ukawerenge Lachisanu ngati anzako," anayankha. Kwa ine anati, "Pita ukakonze zotsalazo kuti ziyankhe ndime iyi. Wakubayo tizimuona pang'onopang'ono. Dzina lake lifike mochedwa, koma lifike, usatisiye m'malere."

Ndinakonza masiku awiri. Ndinalemba za wakuba wopanda mapazi amene amagona pawindo, amakwera mphepo, amakonda ana chifukwa ali pafupi ndi pansi, amene mayi amamudzutsa ndi tsache m'mawa uliwonse akuganiza kuti akuyeretsa nyumba. Ndinalemba mmene ndinkakayikira aneba, ndi mmene ndinkayang'anira pansi pa bedi. Kumapeto kwenikweni ndi kumene nesi anabaya chala n'kumutchula dzina. Ndinalembanso kuti wakubayu ena amamubweretsa pa wilibala n'kumuyala pabwalo. Mzere umenewo ndinaufufuta, n'kuubwezera, n'kuufufutanso, kenako ndinausiya. Moni ndinauika pansi penipeni, wonse, ndi kuthokoza komwe.

Lachisanu masana nkhani inalowa. Ndinapita kukatunga madzi pa mpopi umene uli moyang'anana ndi pamene asisi amagulitsira, ngakhale kunyumba madzi analipo. Ndinalola anthu kundipitirira pamzere. Asisi anali pa kampando kawo, kamtsikana kali pansi pambali pawo. Anatulutsa foni. Ndinaona chala chikuthamanga, chikuthamanga, kenako chinaima. Chala chinakhala m'mwamba kanthawi, ndiye chinadina.

Bambo wina anaima kufuna tomato, anaitana, anaitananso, n'kupita kwa wogulitsa wina. Asisi sanadzutse mutu. Ndinawaona akuyandikitsa foni kumaso. Patapita nthawi anaiika pa ntchafu, anayang'ana pansi pamene panali mwana wawo, ndipo anawerama n'kumutsegula kadzanja. Sindinaone chimene chinali m'menemo. Anakapukuta ndi chitenje, anamunyamula n'kumukhazika pamiyendo. Ine ndinasenza chigubu changa chosadzadza n'kuthawira kunyumba.

Sanachedwe. Ndinamva mapazi awo ndisanawaone, asisi amayenda ngati akukangana ndi nthaka.

"Iwe! Kapu yachikasu ija ndinagula ndine!"

Ndinati inde, asisi.

"Wandiika pa foni kuti dziko lonse lindiseke? Za wilibala zija ukunena ndani?"

Ndinati dzina lanu mulibe, asisi, ngakhale langa mulibe, ndipo mawilibala mu Makululu ndi ambiri.

"Ine ndimayesa ndi mfiti! Ndinafika pakati ndikunena kuti ndi mayi uja wa kuseri kwa tchalitchi, ndimati ndidzakuuze kuti ndinanena ine. Kupita pansi, fumbi!" Anakhala pa mpando osauzidwa, mwana ali pachifuwa. Anapuma. Anayang'ana mwana wanga, amene anali pa mphasa pakhomo. "Zoona anayamba ndi 'madzi'?"

Ndinati zoona.

"Sunandiuzepo zimenezo."

Ndinafuna kunena kuti ndinakuuzani kambirimbiri, koma nditaganiza ndinaona kuti akunena zoona. Ndinkawauza za mtovu, za nesi, za zimene ayenera kuchita. Za kapu ndinali ndisanauzepo munthu.

Anasisita mutu wa kamtsikana kawo. Kenako anati, osandiyang'ana, "Uyu wayamba kunena 'tata.' Dzulo lomweli." Anamukweza paphewa. "Amabaya tsiku lanji ku kiliniki kwanuko?"

Tinapita limodzi Lachiwiri. Dothi la pabwalo linatenga nthawi, alamu anayamba akana, ndipo nkhondo imeneyo anamenya ndi asisi okha, ine sindinalowererepo, mpaka anathirapo dothi lina pamwamba n'kudzala kapinga. Kwa mwana wanga liwu la "madzi" linabwerera, mawu ena akubwera mochedwa, ndipo sindidziwa ngati onse adzabwere. Zala za ana ndimaziyang'anabe.

Pamzere wa ku kiliniki tsiku lija, kutsogolo kwathu kunali mayi wina amene anabwera ndi mwana wa chifuwa, ndipo anafunsa asisi kuti wanuyu akudwala chiyani. Asisi anati sakudwala. Anasunthira pafupi, anatsitsa mawu, n'kuyamba: kuli mwana wina kwathu, m'mawa analoza kapu yake yachikasu. Ananena yonse, molakwitsa pang'ono, galu anamusandutsa mbuzi, mpaka pa manja angawa. Pamenepo anasiya, n'kuyamba kukonza chipewa cha mwana wawo ngati palibe chimene anena.

Mayi uja anadikira. Anayang'ana ine, anayang'ana asisi.

"Ndiye?"

"Mukatuluka kwa dokotala musapite," anatero asisi. "Mubwere mudzaime nafe uko, kumene amabaya chala. Ndikuuzani tili pamzere."